Kutalika kwa mpanda si kukula kwa dimba

"Mpanda ukatalika, dimbanso ndi lalikulu." Ndatopa kumva zimenezi kuno ku Mchinji, ndipo ana amapita nazo m'kalasi. Amasokoneza eliya, kukula kwa malo, ndi perimita, kutalika kwa m'mphepete mozungulira malowo, chifukwa zonse amaziwerengera ndi manambala omwewo, a m'litali ndi m'lifupi, pongoloweza osagwira kanthu.

Yesani nokha. Tengani matailosi 12 ofanana mbali zonse, kapena dulani katoni. Ayaleni mizere 3, uliwonse matailosi 4, mwana azungulize chingwe m'mphepete: chitalika ngati matailosi 14. Kenako andandalikeni mzere umodzi. Chingwe chija sichikwananso, pakufunika cha 26, chikhalirecho matailosi akadali 12 omwe aja.

Matailosi ophimba pansiwo ndiye eliya, chingwecho perimita. Chonde, musauze mwana lamulo lomwe simunaliyese chonchi.