Mleme umaona, ndipo galu wachiwewe salusa nthawi zonse

Nthiwatiwa sikwirira mutu mumchenga. Imaikira mazira m'kadzenje pansi, ndipo ikamawatembenuza ndi mlomo, woonera patali amayesa kuti mutu walowa pansi. Bodza limeneli silinaphepo munthu. Koma mabodza ena a nyama amapha, ndipo ndi amene tikuchenjezani pano.

Mleme si wakhungu. Mileme yodya zipatso, ngati imene imasonkhana miyandamiyanda ku Kasanka m'dziko la Zambia kuyambira mwezi wa Okutobala mpaka Disembala, ili ndi maso aakulu ndipo imaona bwino mumdima. Ing'onoing'ono ya kudenga imaonanso, komanso imalira mawu amene amagunda chinthu n'kubwerera m'makutu mwake. Choncho mukapeza mleme uli pansi masana, musamati wasochera chifukwa suona. Kawirikawiri umakhala wodwala kapena wovulala, ndipo mileme ina imakhala ndi kachilombo ka m'gulu la chiwewe. Musaugwire ndi manja. Mano ake ndi ang'ono kwambiri moti bala lake silioneka bwino.

Nkhani yaikulu ndi ya galu, poti pafupifupi anthu 99 mwa 100 alionse odwala chiwewe amachitenga kwa agalu. Ambiri timadziwa galu wolusa, woluma chilichonse. Koma pali chiwewe china chofooketsa. Galu amangoti zii pakona, chibwano chili lende, dovu likuchucha, akulephera kumeza. Mwini wake amaganiza kuti fupa lamuima pakhosi, n'kupisa dzanja m'kamwa kuti alichotse. Ngati pachala pali kachilonda, ngakhale kodzicheka ndi mpeni dzulo, malovu aja alowa. Musadalirenso kumuyesa ndi madzi: kuopa madzi kumaoneka mwa munthu wodwala chiwewe, galu akhoza kuwayandikira bwinobwino. Ndipo malovu a galu sapoletsa chilonda; musalole galu kunyambita bala la mwana.

Mukalumidwa, kukandidwa kapena kunyambitidwa pachilonda, tsukani pomwepo ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15. N'zotalika, tikudziwa, koma kutsukako kumachotsa tizilombo tambiri. Musathirepo tsabola kapena zitsamba. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo mukalandire katemera, ndipo mumalize majakisoni onse pa masiku amene akuuzani. Ngati galuyo ndi wodziwika, amangidwe n'kuyang'aniridwa masiku 10, ndipo dziwitsani alangizi a ziweto, koma katemera asadikire masiku amenewo.

Makolo, funsani ana modekha, chifukwa ambiri amabisa bala poopa kukalipiridwa. Bala likapola sindiye kuti zatha: zizindikiro zimayamba kawirikawiri pakatha miyezi 2 kapena 3, nthawi zina sabata imodzi yokha, ndipo zikayamba, pafupifupi wodwala aliyense amamwalira.