Si mtanda uliwonse wokhala chete umene ukutaya nthawi

"Ndajambula mapu a mmene buledi amayendera mubekale mwathu. Nthawi yaitali yodikira ili pofufumitsa, ndiye ndiidule?"

Ayi, musaidule. Ambiri amaganiza kuti paliponse pamene manja sakugwira ntchito ndiye kuti nthawi ikutayika, koma mtanda ukamafufuma yisiti imakhala ili pantchito. Mukaufulumizitsa, buledi amatuluka wolemera, wothina mkati, ndipo amang'ambika m'mbali.

Yang'anani mzere wa nthawi umene uli m'munsi mwa mapuwo. Pa mapuwo, bokosi lililonse limaimira gawo limodzi la ntchito, ndipo pansi pake pamalembedwa mphindi zimene mtanda ukusinthadi, monga kukanda 15, kuumba 20, kufufumitsa 60, kuphika 30. Pakati pa mabokosiwo, pamene pali chizindikiro chamakona atatu, ndi pamene katundu amangounjikana. Funso n'lakuti, kodi mtanda ukusintha m'njira imene wogula akufuna?

Tiyerekeze kuti mumakanda mtanda wa malofu 120 nthawi imodzi, koma uvuni umalowa malofu 40 okha. Gulu loyamba limalowa litafufuma bwino. Lachiwiri limadikira mphindi 30, lachitatu 60, kupatula nthawi yotulutsa ndi kulowetsa. Mphindi zimenezi anthu amaziphatikiza m'bokosi la kufufumitsa, motero sizioneka n'komwe. Zilembeni pazokha. Umboni mudzauona pa malofu omalizawo: amafufuma mopyola, amaphwa pamwamba, nthawi zina n'kuwawasa.

Apa kugula makina okandira othamanga n'kungokulitsa mulu pakhomo pa uvuni. Kandani mtanda wa malofu 40 pa mphindi pafupifupi 35 zilizonse, kuti gulu lililonse lizimaliza kufufuma uvuni ukangotsegulidwa.