Foni ikadzaza, dziwani chofufuta ndi chosiya

Foni ikayamba kudandaula kuti malo atha, ambiri amathamangira kufufuta zithunzi za ana ndi za paukwati, pomwe zodzazitsa zenizeni zili phee kwina. Musanafufute kanthu, yambani mwadziwa kumene chinthucho chikukhala: m'foni mwanumo, kapena pa kompyuta ya kutali.

Tiyambe ndi bulawuza. Imeneyi ndi pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti, monga Chrome, Firefox kapena Opera Mini. Mukalemba adilesi ya tsamba, bulawuza imatumiza pempho ku kompyuta yaikulu yotchedwa seva, ndipo sevayo imabweza mawu ndi zithunzi za tsambalo. Zonse zobwerazo zimadya bandulo yanu.

Kuchita dawunilodi ndi kukopera fayilo kuchoka ku seva n'kuisunga m'foni mwanu. Yoyambayo imatsala komweko, inu mwangotenga kope. Mwachitsanzo, wina watumiza vidiyo ya 40 MB pa gulu la WhatsApp la kumpingo. Mukaidina, bandulo yatsika ndi 40 MB, malo a m'foni achepanso ndi 40 MB. Mawa mukhoza kuionera popanda netiweki, chifukwa ili kale m'manja mwanu. Mavidiyo 25 otere akwana pafupifupi 1 GB. Ndiye ngati foni imazikopera yokha chilichonse chobwera pa magulu asanu, musadabwe kuti yadzaza mwezi usanathe. Lowani mu WhatsApp, pitani pa Settings, kenako Storage and data, muzimitse mavidiyo pa Media auto-download. Pomwepo pali Manage storage, pamene mudzaone mafayilo aakulu amene akukudyerani malo.

Kashi ndiyo imasokoneza anthu kwambiri, chifukwa simunaipemphe. Mukatsegula tsamba koyamba, bulawuza imasungako mwakachetechete zidutswa zake, monga chizindikiro cha kampani ndi zithunzi, kuti mukadzabweranso isakazitengenso kutali. Zili ngati ndowa ya madzi ya pakhomo: simupita kumjigo nthawi iliyonse mukafuna kumwa. Tsamba limatseguka msanga, bandulo imapulumuka. Koma kashi imakula, ndipo nthawi zina imakuonetsani zakale. Ngati mnzanu akuona mndandanda watsopano pa tsamba lomwelo inu mukuonabe wadzulo, kapena zithunzi zabalalika, ganizirani kashi.

Pa foni za Android, njira yake nthawi zambiri ndi iyi: Settings, Apps, sankhani Chrome, kenako Storage, n'kudina Clear cache. Simutaya chithunzi chanu kapena nambala ya munthu. Masamba angochedwako pang'ono ulendo woyamba, ndipo kashiyo idzayambanso kudzaza, motero uku n'kupumitsa foni chabe.

Apa ndiye ndikupemphani kuti muwerenge bwino musanadine. Pafupi ndi Clear cache pali batani lina, Clear data kapena Clear storage. Limeneli limabwezera pulogalamu mmene inalili tsiku loyamba. Mukalidina pa WhatsApp, mudzafunika kulembetsanso nambala yanu, ndipo mauthenga amene sanasungidwe kwina akhoza kupitiratu. Mabatani awiriwa amayandikana kwambiri, koma zochita zake n'zotalikirana.

Kwinako ndiko ku kilaudi. Awa ndi maseva a makampani monga Google, Apple ndi Microsoft, oikidwa m'nyumba zikuluzikulu zoziziritsidwa usana ndi usiku. Akaunti ya Google imakupatsani 15 GB yaulere, imene Gmail, Google Drive ndi Google Photos zimagawana. Kutumiza fayilo kumeneko ndi kuchita apulodi, ndipo nakonso kumadya bandulo. Ubwino wake ndi wakuti foni ikabedwa kapena kugwera m'madzi, mulowa pa ina ndi imelo ndi pasiwedi yanu, zithunzi n'kuzipeza. Koma zimapezeka zokhazo zimene zinafikadi kumeneko. Foni zambiri zimadikira Wi-Fi kuti zitumize, ndiye munthu wodalira bandulo yokha angakhale miyezi akuganiza kuti zonse zasungidwa pomwe palibe chapita. Tsegulani Google Photos, dinani kachithunzi ka akaunti yanu pamwamba, muone ngati palembedwa Backup complete, kutanthauza kuti kutumiza kope la zithunzi zanu ku kilaudi kwatha.

Msampha wina uli pomwepa. Backup ikakhala yoyatsa, kufufuta chithunzi mkati mwa Google Photos kumachichotsa m'foni ndi ku kilaudi komwe. Ngati cholinga ndi kupeza malo basi, gwiritsani ntchito Free up space. Imeneyi imachotsa m'foni zithunzi zokhazo zimene kope lake lafika kale ku seva, ndipo mukazifuna mudzazionabe mukakhala ndi netiweki. Mukafufuta molakwitsa, thamangirani ku Trash kapena Bin, chifukwa zofufutidwa zimakhalamo masabata angapo zisanachotsedweretu.