Panelo yachiwiri padenga, koma batire silikudzazabe

Mwezi wa Julaye ndinaitanidwa ku Mchengautuwa, mumzinda wa Mzuzu, kwa bambo wina wa kagolosale. Anali ndi panelo imodzi ya sola ya mawatsi 100 ndi batire la mavoti 12. Ataona kuti magetsi akumuthera usiku usanapite patali, anagula panelo ina yofanana ndi yoyambayo. Mnyamata amene anakwera padenga analumikiza bwinobwino, palibe chimene chinapsa, koma batire linkafookabe nthawi yomwe ija. "Amisiri, kodi andigulitsa panelo yabodza?" Ndinawauza kuti tiyambe tayeza tisanamunene wogulitsayo.

Ndinamasula mawaya awiri ochokera padenga pamene amalowera mu kontirola, kabokosi kamene kamakhala pakati pa mapanelo ndi batire, n'kuwayeza ndi mita. Inawerenga mavoti 43. Panelo imodzi yotereyi ikakhala yosalumikizidwa ku chilichonse imapereka mavoti pafupifupi 22, ndiye nambala imeneyi inandiuza zinthu ziwiri nthawi imodzi: mapanelo onse ndi amoyo, ndipo alumikizidwa mondondozana.

Kulumikiza mondondozana, kumene amisiri timati siriizi, n'kofanana ndi mmene timaikira mabatire mu tochi, mutu wa lina kugunda kumbuyo kwa linzake. Mabatire awiri a mavoti 1.5 amapereka mavoti 3. Pa mapanelo, waya wa pozitivi wa panelo yoyamba umalowa ku negativi wa yachiwiri, ndipo nsonga ziwiri zotsalazo ndi zimene zimatsikira m'nyumba. Mavoti amaphatikizana, koma maampu, omwe ndi kuchuluka kwa magetsi oyenda m'waya, sasintha, chifukwa njira ndi imodzi ndipo zimene zadutsa mu panelo yoyamba ndi zomwezo zikudutsa mu yachiwiri. Njira ina ndi paralelo: mapozitivi onse pamodzi, manegativi onse pamodzi. Apa mavoti amakhala a panelo imodzi, koma maampu ndi amene amaphatikizana.

Kumbuyo kwa panelo kumakhala kapepala kolembedwa manambala. Pa mapanelo a bambowa panalembedwa Vmp 18V ndi Imp 5.5A, kutanthauza mavoti ndi maampu pamene panelo ikugwira ntchito mwamphamvu zake zonse. Mukachulukitsa 18 ndi 5.5 mupeza mawatsi 99. Awiri mu siriizi ndi mavoti 36 pa maampu 5.5. Awiri mu paralelo ndi mavoti 18 pa maampu 11. Konseko mawatsi ndi 198. Choncho padenga palibe njira imene imaposa inzake. Kusiyana kumabwera magetsiwo akafika pa kontirola.

Kontirola ya bambowa inali yamtundu wa PWM, zotsika mtengo zija zimene zadzaza m'mashopu a m'tauni. Kontirola yotere simatha kusandutsa mavoti otsala kukhala maampu. Imangolumikiza panelo ku batire n'kumadula mofulumira batire likayandikira kudzaza, ndipo panelo imakakamizika kutsika kufika pa mavoti a batire, tinene 13.5 pamene likulandira magetsi. Maampu amalowa monga abwerera. Ndiye mu siriizi muja batire linkalandira maampu pafupifupi 5.5 pa mavoti 13.5, omwe ndi mawatsi 74 basi, ofanana ndi amene panelo imodzi ija inkapereka kale. Ndalama ya panelo yachiwiri inkangowotha dzuwa padenga. Mwayi wake kontirolayo inapirira mavoti 43, chifukwa zina zamtunduwu zimapsa.

Tinaphimba mapanelo ndi bulangete, tinamasula n'kulumikiza mu paralelo. Masana dzuwa litatuluka bwino, kontirola inaonetsa maampu 10 ndi pang'ono, pamene kale sinkapitirira 5 kapena 6. Tisanasinthe ndinayamba ndaona kuti kontirolayo inalembedwa 20A. Ikanakhala ya 10A tikanakonza vuto limodzi n'kubala lina, pakuti mapanelo awiriwa pamodzi amatha kufika maampu 12.

Koma paralelo ili ndi msonkho wake, ndipo umalipiridwa m'waya. Kuchokera padenga kufika pamene panali batire panali mamita 10, ndiye kupita ndi kubwera ndi mamita 20. Waya wa kopa wa mamilimita 2.5, umene ambiri amagula chifukwa ndi womwe umapita ku masoketi, pa utali umenewu umadya mavoti 0.8 maampu akakhala 5.5. Maampu akafika 11 umadya mavoti 1.5. Mphamvu yotayika ngati kutentha imakwera kanayi, kuchoka pa mawatsi 4 kufika pa 17. Wina anganene kuti voti imodzi ndi theka si kanthu. Koma panelo ikatentha masana a mu Okutobala mavoti ake amatsika kufika cha m'ma 16, ndipo batire limafuna pafupifupi 14.4 kuti lidzaze. Mukachotsa 1.5 pa 16 mwatsala pamalire penipeni. Ndinawapempha bambowo kuti agule waya wa mamilimita 6. Anadandaula za mtengo, koma anagula.

Sindikunena kuti siriizi ndi yoipa. Pali kontirola yamtundu wina, yolembedwa MPPT, imene imalandira mavoti okwera n'kuwatsitsa, ndipo potsitsapo maampu amakwera. Mukaipatsa mavoti 36 pa maampu 5.5, batire la mavoti 13.5 limalandira maampu pafupifupi 14 dzuwa likakhala labwino. Pamenepo siriizi ndiyo yabwino: waya wochepa thupi umakwanira, ndipo m'mawa wa chifunga ngati wa kuno mavoti amakhala ali pamwamba pa a batire, moti kontirola imayamba ntchito msanga. Komanso ngati mabatire anu ndi a mavoti 24, mapanelo a mavoti 18 ayenera kukhala awiriawiri mu siriizi ngakhale kontirola ili ya PWM, chifukwa panelo imodzi singakankhe magetsi kulowa m'batire loiposa mavoti.

Pa MPPT chimene chimapha makontirola ndi kuwerengera ndi nambala yolakwika. Kontirola iliyonse ili ndi malire a mavoti olowa, mwachitsanzo 75V. Munthu amatenga mapanelo anayi, n'kunena kuti 18 kanayi ndi 72, zakwana. Ayi. Nambala yowerengera ndi Voc, mavoti a panelo isanayambe kukokedwa, ija ya 22. Anayi ndi 88, mwapitirira kale. Ndipo kuzizira kumakweza mavoti. Manambala a pakapepala anayezedwa pa madigiri 25, ndipo digiri iliyonse yotsika imawonjezera pafupifupi 0.3 peresenti. M'mawa wozizira wa mu Juni, dzuwa likangogunda panelo yomwe ili pa madigiri 8, mavoti 22 aja amafika 23. Atatu mu siriizi ndi 69, ndipo pa kontirola ya 75V ine ndimalekera pomwepo.

Ndisanatsike padenga ndinaona nthambi ya mtengo wa mapeyala imene mthunzi wake umagwa pa panelo yakumadzulo kuyambira cha m'ma 3 koloko. Mu siriizi panelo yamthunzi imakokera pansi maampu a mzere wonse, ngakhale muli timadayodi tothandiza magetsi kulambalala mbali yophimbikayo. Mu paralelo imangofooka yokha, inzake n'kumagwirabe ntchito. Bambowo anati nthambiyo ndi imene imabereka kwambiri ndipo mayi a kunyumba sangalole kuti idulidwe. Tinaisiya, n'kusunthira panelo ija mita imodzi chakum'mawa.