Akakuunikani osapaka jelo, sanaone kanthu

Sabata yathayi gogo wina wochokera ku Bembeke anandigwira dzanja pamene ndinkafuna kuwapukuta jelo pamimba ndi pepala nditatha kuwaunika ndi sikani. "Mwanawe, usachotse, mankhwalawo alowe bwino." Ndinaseka, koma mumtima ndatopa nazo. Ena amapempha kuti ndiwatsanulireko m'kabotolo akapake kunyumba, ena amakana kuti ndiwapake poti m'nyengo ya Juni kuno ku Dedza zinthuzi zimazizira ngati madzi a pachitsime m'mamawa. Jelo si mankhwala. Ndi madzi basi, osakaniza ndi zolimbitsa kuti asayenderere, ndipo sachiza chilichonse. Koma popanda iye makina a sikani ndi akhungu, ndipo mfundo imeneyi itha kupulumutsa moyo wa munthu.

Amene anakwerako phiri la Dedza akudziwa kuti ukakuwa moyang'ana thanthwe mawu ako amabwerera. Thanthwe likakhala pafupi mawu amabwerera msanga, likakhala patali amachedwerapo. Makina anga amachita chimodzimodzi. M'kamutu kamene ndimayendetsa pamimbapo muli timiyala tating'ono timene timanjenjemera magetsi akatikhudza, n'kutulutsa phokoso. Phokosolo simulimva chifukwa khutu la munthu limalekera pa kunjenjemera ka 20,000 pa sekondi, pamene kamutu kounikira pamimba kamanjenjemera pafupifupi ka 3,500,000. Kakatulutsa phokoso kamakhala chete n'kumvetsera. Zobwerera zikagunda timiyala tija, timazisandutsanso magetsi, ndipo makina amawerenga nthawi imene yapita.

M'minofu ya munthu phokoso limayenda mamita pafupifupi 1,540 pa sekondi. Chinthu chikakhala masentimita 10 mkati mwa mimba, ulendo wopita ndi kubwera ndi masentimita 20, ndipo umatha mofulumira moti makina atha kuitana n'kumva yankho koposa ka 7,000 sekondi isanathe. Yankho lofika msanga amalilemba pamwamba pa galasi, lochedwa amalilemba pansi. Lamphamvu limakhala kadontho koyera, lofooka kadontho kotuwa, ndipo pamene sipanabwerere kanthu pamatsala mdima. Timadontho timeneti, mzere ndi mzere, ndiye chithunzi mumachiona chija. Mulibe kamera mmenemo, ndiponso mulibe cheza changati cha ekisile.

N'chifukwa chake madzi amaoneka akuda. Mkodzo, madzi amene mwana amakhalamo, ngakhale magazi amene angotayikira m'mimba, zonsezi phokoso limangodutsa osabwerera. Fupa ndi mwala wa mu ndulu zimawala mbee, kumbuyo kwake n'kusiya chithunzithunzi chakuda poti phokoso silinapitirire.

Tsono nkhani ya jelo ili apa. Phokoso limabwerera pamalire a zinthu ziwiri zosiyana, ndipo zikasiyana kwambiri lochuluka limabwerera. Pamalire a mafuta ndi mnofu, gawo limodzi lokha mwa 100 ndi limene limabwerera, lotsalalo limapitirira kukafufuza za mkati. Koma mpweya ndi khungu n'zosiyana kotheratu. Pa magawo 1,000 a phokoso, pafupifupi 999 amabwerera pomwepo osalowa m'thupi. Mungati kamutu ndikakakanikiza pakhungu mpweya uchoka. Suchoka. Khungu lili ndi timizere, timaenje ndi ubweya, ndipo kampweya kopyapyala kuposa pepala kakwanira kutseka njira. Jelo amadzaza timipata timeneti, ndipo poti ndi madzi ngati thupi lomwelo, phokoso limawoloka bwinobwino. Ndikaiwala kuwonjezera jelo mbali imodzi ya kamutu, mbali imeneyo ya chithunzi imada kuyambira pamwamba mpaka pansi. Nthawi zina ndimachita dala kuti ophunzira aone ndi maso awo.

Mpweya womwewo ndi umene umativutitsa mkati. Matumbo odzaza mpweya amabisa zili kuseri kwake. Tikakuuzani kuti mumwe madzi ndipo musakodze, si nkhanza: chikhodzodzo chodzaza chimakankhira matumbo pambali n'kukhala ngati zenera loonera chiberekero. Tikati mubwere musanadye, ndiye kuti tikufuna ndulu yodzaza, poti mukadya imafinyika n'kubisa timiyala. Zopaka mafuta odzola m'malo mwa jelo musandifunsenso, amawononga mphira wa kamutu, ndipo kamutu kamodzi ndi ndalama zoti sindingazitchule pano.

Mayi amene sandichoka m'mutu anali wa zaka za m'ma 20, wochokera cha kumalire a Ntcheu. Anali atadumpha mwezi, kenako chinayamba kumuwawa chinena mbali ya kumanja, uku akutaya timagazi pang'onopang'ono. Tsiku la msika anapeza bambo wina ali ndi kompyuta pa tebulo, akulengeza kuti amaunika thupi lonse. Anamugwiritsa kachitsulo m'manja, zovala zili m'thupi, ndipo pa galasi panatuluka zithunzi zokongola za mtima, chiwindi ndi impso, zamitundumitundu. Anamuuza kuti ali ndi zilonda za m'mimba, n'kumugulitsa mabotolo awiri.

Anafika kwa ife patapita masiku anayi, atamunyamula, m'maso muli mbuu, akudandaula phewa. Mlamu wake ndiye ankayankha. "Adokotala, anawasikana kale, akuti ndi zilonda." Ndinafunsa funso limodzi: "Mayi, anakupakani jelo pamimba?" Anapukusa mutu.

Nditaika kamutu, chiberekero chinali chopanda kanthu, chonsecho mkodzo unali utaonetsa kuti ndi woyembekezera. Kuseri kwa chiberekero kunali mdima. Ndinakwera kumanja, pakati pa chiwindi ndi impso, pamene mwa munthu wabwinobwino ziwalo ziwirizi zimagundana, ndipo panali mzere wakuda wokhuthala ngati chala. Anali magazi. Mimba inakhala mu chubu chodutsamo dzira m'malo mwa chiberekero, chubucho n'kuphulika, ndipo phewa linkawawa chifukwa magazi anali atafika mpaka kunsi kwa chifuwa. Kuona zonsezi sikunanditengere mphindi zitatu. Anapita naye ku fiyeta, anachotsa chubucho, anamuwonjezera magazi, ndipo anachira. Koma masiku anayi aja anali okwanira kumupha, ndipo chimene chinamukhazika pakhomo si kusowa thiransipoti. Anakhala poti ankakhulupirira kuti wina waona kale mkati mwake.

Zithunzi za pamsika zija zinali kale mu kompyuta iye asanabwere. Phokoso silingachoke m'kachitsulo ka m'manja n'kukafika kuchiberekero, ndipo silingadutse chitenje ndi mpweya uli pansi pake. Sikani yeniyeni mudzaidziwa motere: akuvulani pamalo pamene akufuna kuona, apaka jelo, ayendetsa kamutu pamalo omwewo, ndipo chithunzi chotuwa, chosakongola n'komwe, chimasuntha dzanja lawo likasuntha kapena inu mukapuma. Ngakhale yeniyeniyo siona zonse. Zilonda za m'mimba siziunikidwa ndi makina amenewa, shuga ndi malungo ayi, ndipo amene akuti waona matenda khumi ndi awiri pa mphindi imodzi akuwerenga thumba lanu.

Kwa amayi oyembekezera, bungwe la zaumoyo padziko lonse limalangiza sikani imodzi mimba isanakwane masabata 24, ndiye mukafunse ku sikelo. Koma mukadumpha mwezi, chinena n'kumawawa mbali imodzi, kapena mukutaya magazi, kapena mukumva chizungulire, musadikire tsiku la sikelo kapena la msika. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale usiku, ndipo mawu oyamba mukanene ndi akuti mwadumpha mwezi.