Mzere wa chiwongoladzanja ukatembenuka, msika ukunena chiyani?

Wobwereketsa ndalama kwa zaka khumi amayembekezera kulandira zambiri kuposa wobwereketsa kwa miyezi itatu. Palibe chachilendo pamenepa. Zaka khumi ndi nthawi yaitali, mitengo ya zinthu ingathe kukwera n'kudya mphamvu ya ndalamazo, ndiponso mwini wake angazifune pakatikati. Choncho boma likamabwereka pogulitsa makalata a ngongole, omwe ambiri amangowatchula kuti mabondi, kawirikawiri limalipira chiwongoladzanja chokulirapo pa ngongole zanthawi yaitali.

Tengani pepala mujambule galafu. M'munsi lembani nthawi yomwe ngongole iliyonse idzabwezedwe: miyezi 3, chaka chimodzi, zaka 2, 5, 10, mpaka 30. Kumbali lembani phindu la pachaka lomwe wogula bondi iliyonse lero adzapeze akaisunga mpaka kumapeto. Mukalumikiza madonthowo mupeza mzere wa chiwongoladzanja. Nthawi zambiri umakwera kupita kumanja ngati chitunda chosatsetsereka kwambiri. Koma nthawi zina umatembenuka, ngongole ya zaka ziwiri n'kumalipira zambiri kuposa ya zaka khumi, ndipo apa ndi pamene akatswiri a zachuma amayamba kukanda mitu.

Kuti timvetse, tiyenera kudziwa kaye kuti phindu limeneli siboma limaliika. Limachokera pa mtengo womwe anthu akugulitsirana bondiyo pamsika. Tinene kuti pali kalata yolonjeza kulipira madola 1,000 pakatha chaka. Mukaigula madola 950, mwapindula 50, omwe ndi pafupifupi 5.3 peresenti. Ogula akachuluka n'kukankhira mtengo pa 970, phindu limatsika kufika pa 3.1 peresenti. Mtengo ukakwera phindu limatsika, ndipo zimenezi sizisintha. Kumanzere kwa mzerewu, kwa ngongole zanthawi yochepa, kumatsatira kwambiri chiwongoladzanja chomwe banki yaikulu ya dziko yakhazikitsa. Kumanja kuli m'manja mwa ogula ndi ogulitsa, malinga ndi momwe akuonera zam'tsogolo.

Nanga munthu wanzeru zake angavomere bwanji kulandira zochepa pa ngongole yaitali? Tiwerengere limodzi. Muli ndi madola 1,000 omwe simuwafuna kwa zaka ziwiri. Bondi ya chaka chimodzi ikulipira 5 peresenti, pomwe ya zaka ziwiri ikulipira 4 peresenti pachaka. Mukasankha ya zaka ziwiri, n'kusiya phindu kuti libalenso, mudzakhala ndi madola 1,081.60. Mukasankha ya chaka chimodzi, pakutha pa chakacho muli ndi 1,050, ndipo muyenera kugulanso ina pa chiwongoladzanja chomwe chidzakhalepo nthawi imeneyo. Kuti 1,050 ifike pa 1,081.60 pafunika pafupifupi 3 peresenti yokha. Ndiye kuti wogula bondi ya zaka ziwiriyo akubetcha kuti chaka chamawa chiwongoladzanja chidzakhala pa 3 peresenti kapena kutsikirapo, ndipo waona kuti kuli bwino agwiriretu 4 peresenti isanamuthawe. Anthu ambiri akaganiza chomwecho, amathamangira mabondi anthawi yaitali, mitengo yake imakwera, phindu lake n'kugwa, mzere uja n'kutembenuka.

Uthenga weniweni wa mzere wotembenuka ndi umenewu basi: msika ukuyembekezera kuti chiwongoladzanja chitsika. Zoti chuma chilowa pansi zimabwera ngati sitepe yachiwiri, chifukwa mabanki aakulu amakonda kutsitsa chiwongoladzanja kwambiri pamene malonda ayima ndipo anthu akuchotsedwa ntchito. Palinso mbali ina yomwe mzerewu umaluma nawo wokha. Banki wamba imapeza ndalama kwa osungitsa, zomwe ndi ngongole yanthawi yochepa, n'kuzibwereketsa kwa zaka zambiri. Ikamalipira osungitsa zochuluka koma n'kumalandira zochepa pa ngongole zazitali, phindu lake limafinyika, ndipo imayamba kuumira pobwereketsa.

Mbiri ya chizindikirochi idamangidwa makamaka ku America. Campbell Harvey adalemba za mgwirizano wa mzerewu ndi kakulidwe ka chuma mu 1986, ndipo m'zaka za m'ma 1990 Arturo Estrella ndi Frederic Mishkin adaonetsa kuti kusiyana kwa phindu la zaka khumi ndi la miyezi itatu kumalosera bwino kulowa pansi kwa chuma. Mzere udatembenuka mu 2000, chuma n'kuyamba kulowa pansi mu Malichi 2001. Udatembenukanso mu 2006, mavuto n'kuyamba mu Disembala 2007. Onani kutalika kwa nthawi yodikirayo. Amene adagulitsa masheya ake onse tsiku lomwe mzere udatembenuka mu 2006 adakhala kupitirira chaka akuonerera mitengo ikukwerabe. Za 2019 ine sindiziwerengera kwenikweni: mzere udatembenuka ndithu, chuma chidagwa kumayambiriro kwa 2020, koma chidagwetsa ndi mliri wa Covid-19, womwe wogula bondi aliyense sakadaulota.

Phunziro lalikulu lili m'zomwe zidachitika kuyambira 2022. Mitengo ya zinthu itakwera kwambiri, banki yaikulu ya America, Federal Reserve, idakweza chiwongoladzanja kuchoka pafupi ndi ziro mu Malichi 2022 kufika pakati pa 5.25 ndi 5.5 peresenti mu Julaye 2023. Phindu la zaka ziwiri lidaposa la zaka khumi kuyambira Julaye 2022, nthawi zina ndi peresenti imodzi yathunthu, ndipo zidakhala choncho kwa zaka zopitirira pang'ono ziwiri. Olosera ambiri adanena motsimikiza kuti chuma chigwa. Sichidagwe m'zaka zimenezo. Kodi mzere udanama? Pa chimene unkanenadi, ayi: mu Seputembala 2024 bankiyo idayambadi kutsitsa chiwongoladzanja. Koma idatsitsa makamaka chifukwa kukwera kwa mitengo kudayamba kuzizira, chuma chikukulabe. Chiwongoladzanja chingatsike pa zifukwa ziwiri, kudwala kwa chuma kapena kuchira kwa mitengo, ndipo mzerewu pawokha sungakuuzeni kuti ndi chiti mwa ziwirizi.

Pali chinanso chomwe chimasokoneza kawerengedwe. Phindu la zaka khumi lili ndi zigawo ziwiri: chiwongoladzanja chomwe msika ukuyembekezera, ndi kangachepe kowonjezera kolipirira kudikira. Banki yaikulu ikagula mabondi anthawi yaitali ochuluka zedi, monga zidachitikira pambuyo pa 2008 ndi mu 2020, kangachepe kaja kamafota. Mzere umayamba kale uli wogona, ndipo kuutembenuza sikufuna mantha aakulu ngati kale.

Mukamva kuti mzere watembenuka, funsani kuti akuyerekeza ziti, zaka khumi ndi ziwiri kapena zaka khumi ndi miyezi itatu, pakuti sizitembenuka nthawi imodzi. Mu 2022 ya miyezi itatu idatsalira mpaka chakumapeto kwa Okutobala. Funsaninso ngati kwakhala miyezi kapena masiku angapo chabe, monga mu 1998 pamene udangotembenuka pang'ono popanda chotsatira. Ndipo onani dziko lake. Kumene anthu akukayika ngati boma libweza ngongole zake, phindu lanthawi yochepa limalumpha chifukwa choopa kusalipidwa m'miyezi ikubwerayi, monga zidachitikira ku Greece mu 2011. Pagalafu mzere umaoneka chimodzimodzi ndi wa ku America uja, koma pamenepo ogula sakulosera zoti chiwongoladzanja chitsika, akuthawa wangongole.