Girafu yoyeza kuchulukitsa: mmene kalembera wa anthu amaonekera pa sikelo ya logarizimu

Pakati pa kalembera wa 1966 ndi wa 1977, anthu m'Malawi adachoka pa 4.04 miliyoni kufika pa 5.55 miliyoni, kutanthauza kuti adaonjezekera ndi pafupifupi 1.5 miliyoni. Pakati pa 2008 ndi 2018 adachoka pa 13.08 miliyoni kufika pa 17.56 miliyoni, ndipo oonjezekerawo adali pafupifupi 4.5 miliyoni. Ndikamaphunzitsa masamu kuno ku Dedza ndimakonda kufunsa ophunzira kuti ndi nyengo iti mwa ziwirizi pamene mtundu wathu unkakula mofulumira, ndipo ambiri amaloza yachiwiri mosakayika. Zoona zake n'zakuti m'nyengo zonse ziwirizi anthu ankaonjezekera ndi pafupifupi 2.9 peresenti pachaka. Chomwe chidasintha ndi kuchuluka kwa anthu amene peresentiyo ikuwerengeredwapo, pakuti anthu 13 miliyoni amabereka ana ambiri kuposa anthu 4 miliyoni ngakhale kaberekedwe kawo katakhala kofanana.

Girafu wamba siingaonetse zimenezi. Pamzere wake woimirira, sentimita iliyonse imaonjezera chiwerengero chofanana, monga 2, 4, 6, 8, choncho zaka zaposachedwa zimaoneka ngati mtunda wotsetsereka katatu kuposa zaka zakale. Sikelo ya logarizimu imalembedwa mwanjira ina: mtunda wofanana umaimira kuchulukitsa kofanana. Kuchoka pa 1 kufika pa 10 ndi mtunda womwewo ngati kuchoka pa 10 kufika pa 100, chifukwa konseko tachulukitsa ndi 10.

Njira yabwino yoimvetsa ndi kuijambula nokha ndi rula ndi pensulo. Lembani mzere woimirira wa masentimita 14, ndipo pansi penipeni muikepo 1 miliyoni. Tigwirizane kuti masentimita 10 aimire kuchulukitsa ndi 10, kotero 10 miliyoni ikhala pa masentimita 10 kuchokera pansi. Nambala zapakati sizitalikirana mofanana: 2 ikhala pa masentimita 3.0, 3 pa 4.8, 4 pa 6.0, 5 pa 7.0, 8 pa 9.0, ndipo 20 ikhala pa 13.0. Malo amenewa amapezeka potenga logarizimu ya nambalayo, pa batani lolembedwa `log` pa kakyuleta, n'kuchulukitsa ndi 10. Mukayang'anitsitsa muona kuti kuchoka pa 1 kufika pa 2, pa 2 kufika pa 4, pa 4 kufika pa 8, ngakhalenso pa 10 kufika pa 20, ndi masentimita 3 nthawi zonse. Ndimauza ophunzira kuti adule kachidutswa ka udzu kotalika masentimita 3 n'kumakayendetsa pamzerewo. Paliponse pamene akaika, nambala ya kumutu kwake imakhala kawiri ya kumunsi kwake.

Tsopano ikani zaka pamzere wogona, n'kuika madontho a makalembera asanu ndi limodzi. Dontho la 1966 ligwera pa masentimita 6.1, la 1977 pa 7.4, la 1987, pamene anthu adali 7.99 miliyoni, pa 9.0, la 1998, pamene adali 9.93 miliyoni, pafupi ndithu ndi 10.0, la 2008 pa 11.2, ndipo la 2018 pa 12.4. Mukalumikiza madonthowa mupeza mzere wotsala pang'ono kuwongoka. Pa girafu yotereyi mzere wowongoka umatanthauza kuti chinthucho chikukula ndi peresenti yosasintha chaka ndi chaka, ndipo kutsetsereka kwa mzerewo ndiko kumatiuza peresentiyo.

Komabe mzerewo uli ndi kagoli kamodzi, kutanthauza pamene wakhota, kamene anthu a ku Dedza ndi ku Ntcheu angakazindikire msanga. Kuchokera 1977 kufika 1987 mzere ukwera masentimita 1.6 m'zaka 10, zomwe ndi pafupifupi 3.7 peresenti pachaka, pamene kuchokera 1987 kufika 1998 ukwera pafupifupi sentimita imodzi yokha m'zaka 11, kapena kuti 2 peresenti pachaka. Akuluakulu a m'midzi ya m'mphepete mwa msewu wa M1, kumene malire ndi Mozambique amayenda limodzi ndi msewuwo, akukumbukira mmene othawa nkhondo ochokera ku Mozambique adadzazira maboma athuwa m'zaka za m'ma 1980. Kalembera wa 1987 adawapeza ali kuno, koma mgwirizano wa mtendere utasainidwa ku Rome mu 1992 ambiri adabwerera kwawo, ndipo wa 1998 sadawapezenso. Sichinali chifukwa chokhacho, popeza zaka zomwezo Edzi inkatenga anthu ambiri, koma mbali yaikulu ya kagoliko ndi imeneyi. Chimene chimandikhudza n'chakuti girafu wamba imanena zosiyana: imaonetsa zaka za 1987 mpaka 1998 zikukwera kuposa za 1966 mpaka 1977, chifukwa oonjezekera pachaka adali pafupifupi 177,000 poyerekeza ndi 137,000, chonsecho pa peresenti nyengo ya 1987 mpaka 1998 ndiyo idali yochedwa kuposa ina iliyonse m'makalembera onsewa.

Cholakwika chimene ndimachiona kawirikawiri chimachitika powerenga dontho limene lagwera pakati pa nambala ziwiri zolembedwa. Tsiku lina ndidaika chala pakati penipeni pa 1 ndi 10, pa masentimita 5, ndipo mtsikana wina wa Folomu 3 wodziwa masamu ndithu adayankha kuti, "Ndi 5.5, aphunzitsi." Ndidamupatsa rula kuti aone yekha kuti 5 ili pa masentimita 7, pamwamba pa chala changa. Pakati pa 1 ndi 10 pamakhala pafupifupi 3.2, chifukwa 3.2 kuchulukitsa ndi 3.2 ndiyo imabweretsa pafupifupi 10, ndipo mofananamo pakati pa 100 ndi 1,000 pamakhala 316, osati 550. Amene awerenga 550 pamalo a 316 wakokomeza chiwerengerocho pafupifupi kawiri. N'chifukwa chake musanayang'ane mzere wa girafu iliyonse, yambani mwawerenga nambala za m'mbali mwake. Mukaona 1, 10, 100, 1,000 zitatalikirana mofanana, kapena timizere tothithikana tikamayandikira 10 ndi 100, dziwani kuti mukuwerenga kuchulukitsa.

Cholakwika china ndi kuganiza kuti mzere ukayamba kugona ndiye kuti chiwerengero chikutsika. Pakati pa 1987 ndi 1998 mzere wathu udagona pang'ono, koma anthu adaonjezekerabe ndi pafupifupi 2 miliyoni. Chidatsika ndi liwiro la kukula, ndipo chiwerengero chenichenicho chimatsika pokhapokha mzerewo utaloza pansi.

Sikelo imeneyi ilibe ziro, chifukwa ngakhale mugawe 1 ndi 10 kangati simudzafika pa ziro. Pachifukwa ichi, mwezi umene chipatala sichidalandire wodwala kolera ngakhale mmodzi sungajambulidwe pa girafu yotere, ndipo kompyuta imangousiya. Pa Excel, mukasankha `Logarithmic scale` pansi pa `Format Axis`, onetsetsani kaye ngati m'ziwerengero zanu mulibe ziro kapena nambala zochepera ziro. Sindimavomerezanso kujambula mizati pa sikelo imeneyi, popeza utali wa mzati umadalira nambala imene wojambula wasankha kuika pansi. Madontho ndi mizere ndizo zoyenera.

Ngati funso lanu ndi lakuti boma lifunika madesiki kapena matumba a chimanga angati oonjezera, gwiritsani ntchito girafu wamba, pakuti desiki limagulidwira mwana weniweni ndipo 4.5 miliyoni ndi ochulukadi katatu kuposa 1.5 miliyoni. Koma ngati mukufuna kudziwa zaka zimene chiwerengero chimatenga kuti chiwirikize kawiri, tengani kaudzu ka masentimita 3 kaja, kaimikeni pa dontho la 1966, ndipo muona kuti mutu wake ukulingana ndi dontho la 1987, patadutsa zaka 21.